Mainvoisi a sitolo yathu ya ku Zomba: zaka zimene timawasunga ndi mmene timawasanjira

Kampani yathu ndi yaing'ono, ndipo ndimaiyendetsa pamodzi ndi mayi a kunyumba kuno m'tauni ya Zomba. Timagulitsa makope, mapepala, zolembera ndi inki, komanso timachita fotokope ndi kusindikiza mayeso a masukulu. Katundu wambiri timakapikula ku Limbe, ndipo makasitomala athu akuluakulu ndi masukulu ndi maofesi a ku Chinamwali, ku Matawale mpaka ku Domasi. Pamene tinali kugulitsa kwa anthu odutsa okha, buku limodzi la malonda linkakwanira. Titalembetsa VAT ku MRA n'kuyamba kupereka katundu pa ngongole, mapepala anachuluka kwambiri, ndipo tinayenera kugwirizana kuti pepala lililonse likhale zaka zingati komanso lizikhala pati.

Lamulo la VAT limanena kuti wamalonda asunge zolembedwa zake kwa zaka zosachepera 6, ndipo nthawi imene MRA ingabwerere m'mbuyo kudzaunikanso msonkho wa chaka chimene chinadutsa ndi zaka 6 zomwezo, kupatula pamene pali chinyengo, chifukwa pamenepo malirewo sagwira ntchito. Ife timasunga zaka 7, ndipo sitiwerengera kuchokera pa deti imene ili pa invoisi koma kuchokera tsiku limene chaka chathu cha ndalama chatha. Chaka chathu chimatha pa 31 Disembala. Invoisi ya mu Febuluwale 2018 ndi ya chaka chimene chinatha pa 31 Disembala 2018, ndipo fomu ya msonkho wa chaka chimenecho imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chitatha, kutanthauza chakumapeto kwa Juni 2019. Munthu wowerenga zaka 6 kuchokera pa deti ya invoisi akanaiwotcha mu Febuluwale 2024, pamene fomu imene invoisiyo ikuichitira umboni inali isanakwanitse n'komwe zaka zisanu. Mwa kuwerenga kwathu, katoni yonse ya 2018 imakhala mpaka pa 31 Disembala 2025, ndipo palibe amene amafunika kuyang'ana madeti a pepala limodzilimodzi, chifukwa chaka chonse chimalowa pamodzi n'kutulukanso pamodzi.

Pali mapepala ena amene sitiwawerengera zaka 7 zimenezi. Invoisi imene tinagulira makina a fotokope imakhala m'fayilo yakeyake kwa nthawi yonse imene makinawo ali m'mabuku athu, chifukwa chaka chilichonse timachotsera gawo la mtengo wake pa phindu lolipirira msonkho, ndipo umboni wa mtengowo ndi invoisi yomweyo. Zaka 7 zake zimayamba kuwerengedwa makinawo akagulitsidwa kapena akatayidwa. Chimodzimodzinso chaka chimene chikuunikidwa, kapena invoisi ya kasitomala amene sanamalize kulipira: zimenezo sizikhudzidwa mpaka nkhani yake itatha, ngakhale zaka zitakwana.

Odita akabwera sakhutira ndi invoisi yokha, popeza invoisi ndi pepala limene mwalemba nokha. Iye amafuna kuona kuti katundu anaitanitsidwadi, anaperekedwadi, ndipo ndalama zake zinalowa. N'chifukwa chake malonda alionse a pa ngongole timawamanga pamodzi ndi sitepula, kuyambira pa kotesheni, kenako LPO, chomwe ndi chikalata choitanitsira katundu chimene kasitomala anatumiza, chikalata choperekera katundu chosainidwa ndi amene analandira, invoisi yathu pamodzi ndi lisiti la msonkho lotuluka m'makina, ndipo pamwamba pake umboni wa malipiro.

Phindu la kumanga koteroko linaoneka pamene akuluakulu a msonkho anadzaunika mabuku athu. Anayamba atitumizira kalata yotchula zaka zimene akufuna kuona, ndipo atafika sanawerenge pepala lililonse ayi. Anatenga sitetimenti ya ku banki, mafomu a VAT amene timapereka pofika pa 25 mwezi uliwonse, ndi malipoti a tsiku ndi tsiku a makina a EFD otulutsa malisiti a msonkho, n'kusankhamo malonda angapo oti awatsatire kuchokera poyambira mpaka pomalizira. Amodzi mwa malondawo anali a mu Malichi 2022, pamene tinapereka mapepala ku sukulu ina yoyima payokha. Katunduyo anali wa K1,000,000, VAT ya nthawi imeneyo pa 16.5 peresenti inali K165,000, ndipo invoisi yonse inali ya K1,165,000. Koma ku banki kunalowa K1,135,000, ndiponso inalowa mu Meyi. Munthu woyang'ana manambala awiriwa amaona kuti K30,000 yasowa, ndipo angaganize kuti inalandiridwa pamanja osalembedwa, kapenanso kuti ndalama za mu Meyi ndi za malonda ena amene sanaperekedwe lisiti.

Yankho linali mu mtolo wa mapepala a malondawo. Sukuluyo inadula msonkho wa 3 peresenti pa mtengo wa katundu, womwe ndi K30,000, n'kukaupereka ku MRA m'dzina lathu, ndipo inatipatsa satifiketi yosonyeza TPIN yathu, yomwe ndi nambala yathu ya msonkho, ndalama imene inadulidwa ndi deti yake. Pa invoisi tinali titalemba ndi bolopeni deti imene ndalama zinalowa ku banki, ndipo pa sitetimenti tinali titalemba nambala ya invoisi pafupi ndi mzere wa ndalamazo. Nkhaniyo inathera pomwepo. Satifiketi imeneyi ambiri amaipeputsa chifukwa imafika mochedwa, nthawi zina patapita miyezi katundu ataperekedwa, koma ndi ndalama ndithu: popanda umboni wake, K30,000 ija simungaichotse pa msonkho wanu wa pachaka, ndiye kuti mwalipira kawiri. Mayi a kunyumba ali ndi tsamba limene amalembapo mainvoisi onse amene analipidwa moperewera, ndipo dzina la kasitomala silifufutidwa pa tsambalo mpaka satifiketi itafika.

Mbali ya zogula ndiyo imapweteka kwambiri pepala likasowa. VAT imene tinalipira popikula katundu timaichotsa pa VAT imene tatolera, koma kuchotsako kumaloledwa pokhapokha pali invoisi ya msonkho yoyenera, yokhala ndi dzina ndi TPIN ya wogulitsa, deti, katundu, ndi VAT yolembedwa payokha. Kotesheni kapena kapepala kolembedwa pamanja kokhala ndi chidindo chokha sikokwanira. Vuto ndi lakuti malisiti a makina amasindikizidwa pa pepala limene limalembeka ndi kutentha osati ndi inki. Likakhala padzuwa, m'galimoto yotentha, kapena likamatidwa ndi selotepi, zilembo zimafufutika n'kutsala pepala loyera kapena lakuda bii, ndipo zimenezi zimachitika kale kwambiri zaka 6 zisanakwane. Chizindikiro choyamba n'chakuti manambala a m'mphepete amayamba kutuwa. Lisiti limene silikuwerengeka n'chimodzimodzi ndi limene latayika. Popeza makina a fotokope tili nawo pomwepo, lisiti lililonse timalichita fotokope tsiku limene lafika kuchokera ku Limbe, n'kulimangirira pa fotokopeyo ndi sitepula, moti loyambirira likadzafufutika nambala yake idzawerengekabe.

Kasanjidwe ka mafayilo n'kosavuta. Mwezi uliwonse uli ndi fayilo ya zogulitsa ndi fayilo ya zogula, ndipo pamwamba pa zonse pamakhala fomu ya VAT ya mweziwo ndi lisiti lolipirira, kuti aliyense wophatikiza mainvoisi a m'munsi apeze nambala imene ili pa fomu. Zogulitsa zimatsata manambala a mainvoisi. Invoisi imene yalakwika sitiing'amba. Timaidula mizere iwiri, n'kulembapo chifukwa chake, ndipo makope ake onse amatsala m'buku, chifukwa odita akaona kuti pambuyo pa 416 pakubwera 418 amafunsa kumene kuli 417, ndipo mawu apakamwa samukwanira. Katundu akabwezedwa timalemba kirediti noti, chikalata chochepetsa ngongole ya kasitomala, yotchula nambala ya invoisi yoyamba m'malo mofufuta manambala. Malipiro a pa Airtel Money ndi Mpamba sitiwadalira pa mauthenga a pafoni, amene amapita foni ikabedwa kapena ikadzaza. Timatenga sitetimenti mwezi ndi mwezi n'kuisindikiza.

Chaka chikatha, mafayilo onse amalowa m'bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivundikiro, ndipo kunja kwake timalemba chaka, manambala a mainvoisi oyamba ndi omaliza, ndi deti imene bokosilo lingatayidwe. Nyengo ya kuno m'munsi mwa phiri siikonda mapepala. M'dzinja makoma amanyowa, mapepala amachita chuku n'kumatana, ndipo katoni imene yakhudza pansi chiswe chimaiboola kuchokera m'munsi pamwamba pakuoneka bwinobwino. Mabokosi athu amakhala pa shelefu yachitsulo yotalikira pansi komanso yosagunda khoma, ndipo timawatsegula mvula isanayambe ndi itangotha kuti tione ngati muli fungo la chinyezi kapena dothi la chiswe. Amene anaona mmene madzi analowera m'nyumba ndi m'masitolo nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sangafunse chifukwa chimene timasungira zithunzi za mapepalawa kwina.

Loweruka lililonse timasikana mitolo ya sabatayo, ndipo mtolo umodzi umakhala fayilo imodzi ya pakompyuta. Dzina lake limayamba ndi chaka ndi mwezi, kuti mafayilo azidzisanja okha:

```
2022-03_INV0412_sukulu.pdf
```

Kope imodzi imakhala pa kompyuta ya m'sitolo, ina pa hadi diski imene imagona kunyumba, ndipo yachitatu pa intaneti. Fulashi yokha sindiikhulupirira, chifukwa imatayika msanga ndipo imatenga mavairasi m'makompyuta a anthu. Kamodzi pachaka timatsegula mafayilo akale angapo kuti tione ngati akutsegukadi. Komabe zithunzi sizilowa m'malo mwa mapepala enieni, popeza woyendera angafune kuona siginecha ndi chidindo pa chikalata choperekera katundu.

Deti ya pa bokosi ikakwana, timayamba tafunsa akauntanti wathu ngati palibe nkhani yotsala ya chaka chimenecho, kenako timachotsamo mapepala a makina, mapangano a lendi ndi mafomu a msonkho a pachaka, amene satenga malo ndipo timawasungabe. Zotsalazo timaziwotcha ife eni, n'kulemba m'buku chaka chimene chawotchedwa ndi deti yake. Amayi ogulitsa mandasi ndi tchipisi amabwera kudzapempha mapepala akale okulungira, ndipo timawapatsa mapepala olakwika a pa fotokope, koma a m'mabokosi ayi, chifukwa ali ndi mayina a makasitomala, mitengo imene tinawapatsa ndi manambala a maakaunti awo a ku banki.