Kufinya lipoti la usipa kuti likwane m'zilembo 1,500

Pa kosi ya kalembedwe ka kafukufuku imene ndikuchita, tinauzidwa kupereka chidule cha lipoti lathu m'bokosi losalola zilembo zopitirira 1,500, kuwerengera ndi mipata yomwe. Lipoti langa ndi la kuyanika usipa nthawi ya mvula ku Senga Bay, kuno ku Salima, ndipo chidule choyamba chinali ndi zilembo pafupifupi 4,300. Ndiye kuti pa zilembo zitatu zilizonse, ziwiri zinayenera kuchoka.

Malire a zilembo si ofanana ndi malire a mawu, ndipo kwa ife olemba m'Chichewa amapweteka kwambiri. Mneni mmodzi ngati "unayanikidwa" amadya zilembo 12 yekha. M'zolemba zanga liwu limodzi pamodzi ndi mpata wake limatenga zilembo ngati 7, choncho 1,500 ndi mawu 210 kapena kuposerapo pang'ono. Kompyuta imapereka manambala awiri a zilembo, ndipo yofunika pano ndi ya Characters (with spaces) mu Word. Ine ndinaika ndime iliyonse pamzere wakewake mu Excel n'kumayeza motere:

```
=LEN(A1)
```

Mukatero mumaona ndime imene ikudya malo ambiri. Ndinasiyanso zilembo 50 zosagwiritsa ntchito, chifukwa mabokosi ena amawerenga kudumpha mzere ngati zilembo ziwiri, ndipo ena amangodula mchira wa zolemba zanu osakuchenjezani.

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi yometa ndime iliyonse mofanana, apa pang'ono apo pang'ono. Imagwira ngati mwapyola ndi zilembo 100. Koma pochotsa magawo awiri mwa atatu, imasiya mfundo zonse zilipo koma iliyonse itawonda, ndipo choyamba kugwa chimakhala chija chimene chimapatsa umboni mphamvu: tsiku, malo, muyezo, chiwerengero cha anthu amene munacheza nawo. Choncho ndinayamba ndi kuchotsa zinthu zathunthu, ziganizo n'kudzazikonza pambuyo.

Ndinalemba kaye mfundo yaikulu m'chiganizo chimodzi: usipa woyanika pamchenga umawaluzitsa amayi ogulitsa poyerekeza ndi wa pathandala. Kenako umboni uliwonse ndinaufunsa mafunso awiri. Kodi ukuchirikiza chiganizo chimenechi mwachindunji? Nanga munthu wosandikhulupirira angathe kupita kukautsimikiza yekha?

Ndime yoyamba inali ya mbiri ya nyanja: mitundu yambirimbiri ya mbuna, ndiponso kuti paki ya nyanja ya Malawi ku Mangochi inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Zonsezo n'zoona, koma sizinena kanthu za mtengo wa usipa, ndipo woyesa ntchito yanga amazidziwa kale. Zinapita zonse, zilembo zoposa 600 nthawi imodzi. Inatsatira nambala ya nsomba zimene zimawonongeka m'dziko muno chaka chilichonse. Inkamveka yolemera, koma ndinaitenga m'lipoti lina limene nalonso linkatchula lipoti lina, ndipo gwero lake lenileni silinapezeke. Nambala yoti simungayankhe inawerengedwa bwanji ndi ngongole, wina adzakufunsani. Ndinaichotsa.

Chovuta chinali mawu a mayi wina wachikulire amene anandifotokozera mmene amathamangira kukawola usipa mitambo ikada cha kuphiri la Senga, ndi fungo lake ukagona usanaume. Ndimawakonda mawu amenewo, ndipo m'lipoti lalikulu alimo onse. Koma ankatenga zilembo 500, ndipo amasonyeza kuwawa kwa vutolo, osati kukula kwake. Pafupi ndi mawuwo panali chinthu chosakoma kuwerenga: kope la gulu la amayi momwe mlembi wawo amalemba mtengo wa chigoba cha malita asanu tsiku ndi tsiku, wa pamchenga pambali, wa pathandala pambali. Masamba ena ananyowa, inki n'kumwazika, koma madeti akuwerengeka. Tsiku ndi lomwelo, doko ndi lomwelo, chigoba n'chomwecho, chosiyana ndi poyanikira pokha. Umboni wotere umatseka pakamwa munthu wonena kuti mwina mtengo unatsika chifukwa tsikulo usipa unaphedwa wambiri. Kopelo ndinalipatsa zilembo 700, pafupifupi theka la malo onse. Zotsalazo ndinagawa chonchi: 200 za mfundo yaikulu, 250 za mmene ndinapezera mitengoyo, 150 za malire a kafukufuku, 150 za chimene ndikupempha kuti chichitike. Mawu a mayi wachikulire uja anatsala ndi kachidutswa kamodzi, konena kuti ogula amayamba alawa kuti amve ngati muli mchenga. Kameneko kanatsala chifukwa kakufotokoza chimene chimatsitsa mtengo.

Apa m'pamene ndinayamba kumeta ziganizo. Ichi chinali ndi zilembo 168:

"Pa kafukufuku amene ndinachita ku Senga Bay ndinapeza kuti usipa umene unayanikidwa pa mchenga unagulidwa pa mtengo wotsika kusiyana ndi umene unayanikidwa pa thandala."

Chinasanduka ichi, cha zilembo 79:

"Ku Senga Bay usipa woyanika pamchenga unagulidwa motchipa kuposa wa pathandala."

Zimene zachoka ndi mawu olengeza kuti ndikufuna kunena chinachake, "umene" wobwerezedwa, ndi mneni wautali wotchulidwa kawiri. Palibe mfundo yatayika. Zilembo 89 zimene ndinapulumutsa sindinazisunge ayi, ndinazibwezera pomwepo polemba miyezi, Januwale ndi Febuluwale, ndi kusiyana kwa mtengo pa chigoba m'makwacha. Manambala olembedwa m'madijiti amathandizanso: "makumi awiri ndi asanu" ndi zilembo 22, pomwe 25 ndi ziwiri.

Pali kumeta kwina koopsa chifukwa sikuoneka. Chiganizo chikafupika, mfundo imakula mwakachetechete. "Amayi a gulu limodzi ku Senga Bay" amasanduka "amayi a ku Salima", ndipo "masiku ambiri" amangosowa, ngati kuti zinali choncho masiku onse. Mukatero mwanena za Chipoka, Lifuwu ndi Chikombe komwe simunayeze kanthu. Poyesa izi ndinatenga chiganizo chilichonse chachidule n'kuchiika pambali pa kope lija, n'kudzifunsa ngati tsamba lina lingachitsutse. Linapezeka lotero. Masiku amene usipa unasowa, ogula sankasankha, ndipo mitengo iwiriyo inali pafupifupi yofanana. Mnzanga wa m'kalasi anati, "Achimwene, zimenezo zisiyeni, zikufooketsa nkhani yanu, malonso mulibe." Sindinagwirizane naye. Woyesa amene amadziwa za kunyanja adzaganiza yekha za masiku amenewo, ndipo akaona kuti sindinawatchule adzakayikira ngakhale zoona zimene ndalemba. Chiganizocho chinalowa m'gawo la malire, ndipo pofuna kuchipezera malo ndinachotsa pempho lachiwiri, la maphunziro a kasungidwe ka ndalama, limene kope lija silinkachitira umboni.

Pomaliza ndinapatsa chidulecho mlongo wanga, amene sanawerengepo lipoti lalikulu, kuti andiuze chimene ndapeza ndi mmene ndachidziwira. Choyambacho anayankha bwino. Pa chachiwiri anafunsa kuti "kopelo" ndi kope liti, chifukwa chiganizo cholitchula koyamba chinali chitapita limodzi ndi ndime ina. Mawu ngati "limeneli", "aja" ndi "monga ndanena" ndi oyenera kuwasaka mukamaliza kudula, chifukwa amaloza zinthu zimene kulibenso. Kukonza pamenepo kunadya zilembo 40, ndipo chidule chinapita chili ndi 1,447.