Mjigo umodzi, mizere iwiri

Sabata yatha pa maphunziro athu anatituma kumudzi kukawerenga mijigo ndi ODK Collect, pulogalamu ya pafoni yodzazira mafomu. Netiweki kunalibe, koma fomu inkadzazika bwinobwino. Ndikamaliza mjigo umodzi ndinkadina Finalize, fomuyo n'kukadikira mu Ready to send. Pofika madzulo ndinali nazo 14, iliyonse ndi chithunzi chake.

Titafika pamsika netiweki inabwera, yofooka, ndipo ndinayamba kutumiza. Mafomu 13 anapita ku Sent. Imodzi inakana, n'kutsala ndi chizindikiro choti yalephera. Mtima unali m'mwamba chifukwa mjigowo unali wakutali kwambiri, tinachita kuwoloka dambo. Ndinaganiza kuti fomuyo yawonongeka, ndiye ndinatsegula yatsopano, n'kukopera zonse za m'kope langa, n'kutumiza.

M'mawa mwake aphunzitsi anatsegula ODK Central, seva yomwe mafomu amakafikira, ndipo mjigo uja unali pa mizere iwiri.

Anandifotokozera kuti fomu yoyamba ija inafika ndithu. Seva inailandira, koma yankho loti "ndalandira" linadukira panjira, choncho foni inangoona ngati sinapite. Fomu iliyonse imabadwa ndi nambala yakeyake, `instanceID`, yoyamba ndi `uuid:`, ndipo foni imaipanga yokha ngakhale kulibe netiweki. Ndikanangotumizanso fomu yomwe ija, seva ikanaizindikira ndi nambalayo, sikanawonjezera mzere wina, ikanangolandira chithunzi ngati chinali chisanafike. Koma fomu yatsopano inapatsidwa nambala yatsopano, ndipo kwa seva imeneyo inali nkhani ina.

Apa m'pomwe ndinali ndisanamvetse: `instanceID` imazindikiritsa fomu yodzazidwa, osati mjigo. Seva siidziwa kuti mizere iwiriyo ikunena za chitsulo chimodzi chomwe amayi amapopapo madzi. N'chifukwa chake fomu yathu ili ndi funso la nambala ya mjigo, lomwe kale ndinkaliona ngati lotayitsa nthawi.

Kuti tidziwe mzere weniweni, tinatsitsa CSV, fayilo yokhala ndi mizere yonse, n'kusanja potengera nambala ya mjigo. `SubmissionDate` sinatithandize, chifukwa imaonetsa nthawi yomwe seva yalandira, ndipo onse awiri anafika madzulo omwewo. Zinatithandiza ndi `start` ndi `end`, zomwe foni imalemba podzaza. Mzere woyamba unayamba masana, wachiwiri madzulo. Ngakhale GPS ya wachiwiriwo inaloza pamsika. Tinauika pa Rejected, ndipo aphunzitsi anatichenjeza kuti umatulukabe mu CSV, ndiye powerengera tiyenera kuusefa tokha.

Zithunzi nazo zinali ndi mlandu, zinali zazikulu moti pa netiweki yofooka fomu imodzi inkachedwa kwambiri. Pa funso la chithunzi, mu kolamu ya `parameters`, tsopano taikamo izi kuti foni izichepetsa chithunzi:

```
max-pixels=1024
```

Lachinayi tikubwererako. Fomu ikadzakana ndidzaisiya mu Ready to send, ndikayesenso pokafika kutauni, kenako ndiyerekeze chiwerengero cha mu Sent ndi cha m'kope ndisanagone.