Powerengera m'nyumba ya zipinda ziwiri

Pokonzekera mayeso a MSCE ndinapeza kuti funso lakuti "ndiwerengere pati?" silingayankhidwe palokha. Kwathu ndi nyumba ya lendi, chipinda ndi balaza, yamalata yopanda siling'i, ndipo khoma lotilekanitsa ndi aneba silifika kudenga. Malo omwewo a pabalaza amakhala abwino nthawi ina, nthawi ina n'kukhala ngati pamsika. Choncho ndinkadzifunsa kuti, ntchito iti, nthawi yanji, nyale ili pati.

Ndiyambe ndi kuwala, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timataya mphamvu osadziwa. Mayeso amagwa m'nyengo yozizira, pamene masana afupika. Mu Juni dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo magetsi akazima umatsala ndi kandulo, tochi ya pafoni kapena kanyale kasola. Pa muyeso wa kuwala wotchedwa malumeni, kandulo imatulutsa pafupifupi 12 okha, pamene babu la LED la mawati 5 limapitirira 400. Koma chimene maso amafuna si mphamvu ya nyale yokha, ndi kuwala komwe kwafika papepala. Lamulo lake lili m'buku la Fizikisi: ukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa nyale ndi buku, kuwala kofika pabukupo kumatsika kanayi. Kanyale kasola kathu tinkakapachika pamsomali, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchoka pakatebulo, kuti aliyense aziona mbale yake ya nsima. Kukatsitsa n'kukaika patheka la mita ndi kuchepetsa mtunda katatu, ndiye kuti papepala pakuwala kasanu n'kanayi kuposa kale. Nyale yake yomweyo, batire yake yomweyo, osagula kanthu.

Kuyandikiza kokha sikukwanira. Nyale ikakhala kutsogolo kwako imakuthobwa m'maso, ikakhala kumbuyo mutu wako umatchinga. Ine ndimalembera dzanja lamanja, ndiye imakhala kumanzere, pamwamba pang'ono pa bukulo, kuti chithunzithunzi cha dzanja chizigwera kumanja, kumene sindinalembe, m'malo mogwera pansonga ya cholembera. Wolembera kumanzere atembenuze. Ndinkaikhazika pachitini cha mkaka chozondotsa, kumbuyo kwake n'kuimika chikatoni chomwe ndinamata pepala loyera. Chikatonicho chimabweza kuwala kubuku, komanso chimatchingira azing'ono anga ogona pamphasa pabalaza pomwepo. Chachiwirichi n'chimene chinathetsa madandaulo akuti "achemwali, zimitsani tigone."

Kuti kuwala kwachepa umadziwa msanga ukamadziyang'anira. Umayamba kuweramira pepala mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda, 3 amaoneka ngati 8, kachizindikiro kochotsera m'Masamu kamasowa n'kupeza yankho lolakwika pafunso lomwe njira yake ukuidziwa bwino. Pepala la galafu ndiye limakuulula: timizere take tating'onoting'ono timangosungunuka. Nditaona zimenezi ndinasamutsa ntchito zonse zofuna maso akuthwa, monga magalafu, mapu a Jogalafe ndi zojambula za Bayoloje, kuzichitira pakhonde ndikangobwera kusukulu, dzuwa lisanalowe. Ngakhale kunja kuli mitambo ya chiperoni, kuwala kwa pakhonde kumaposa kutali nyale iliyonse yomwe tili nayo m'nyumba.

Kanyale kasola kamafuna kukasamala masana kuti kakutumikire usiku. M'miyezi yozizira dzuwa kuno limadutsa chakumpoto, ndiye kapanelo kake kayang'ane kumpoto, pamalo pomwe mthunzi wa mango kapena wa denga sufika masana. Fumbi likakuta galasi, batire sidzadza, n'kumadabwa kuti nyale yafa 8 koloko. Kupukuta ndi kansalu m'mawa kumakwanira. Nyale zambiri zili ndi kuwala kwamphamvu ndi kochepa. Popeza yayandikira buku, kochepako kamakwana ndipo batire imakhalitsa. Kandulo ndinkaisiya ngati njira yomaliza, ndipo sindinkalowa nayo muneti. Mbaula nayo, ngakhale kuzizire chotani, isakhale m'nyumba yotseka: mpweya wa makala ulibe fungo, umayamba ndi mutu ndi tulo, ndipo wowerenga amangoganiza kuti watopa.

Phokoso lili mitundu iwiri. Mvula pamalata kapena kulira kwa chigayo patali, khutu limazolowera n'kuiwala. Mawu a anthu ndi ena. Wailesi ya aneba ikamaulutsa mpira, kapena amayi akamacheza ndi anzawo za kumsika, ubongo umatola mawuwo ngakhale usakufuna, n'kulimbana ndi mawu omwe ukuwerenga. Umafika pansi pa tsamba osakumbukira chomwe chinali pamwamba. N'chifukwa chake nyimbo za m'mahedifoni sizinandithandize: ndinangochotsa mawu a aneba n'kuikapo mawu a woimba. Thonje m'makutu limachepetsako pang'ono, koma pakhoma losafika kudenga silipita patali.

Chomwe chinathandiza ndi kugawa ntchito motsata phokoso. Kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 9 nyumba imakhala yodzadza, mbale zikulira, wailesi ikuyankhula. Nthawi imeneyo sindinkayesa n'komwe kumvetsa mutu watsopano. Ndinkachita zamanja: kulemba mafunso patimapepala, funso kutsogolo yankho kumbuyo, kukonza manotsi, kusankha mafunso a m'mapepala akale a MANEB oti ndiyankhe m'mawa. Nthawi zina ndinkapatsa mng'ono wanga timapepalato kuti azindifunsa. Iye ankasangalala kundigwira ndikalakwitsa, ndipo yemwe akanasokosa n'kukhala mphunzitsi.

Ntchito yolemera inkadikira 4 koloko m'mawa. Kuchokera apo mpaka anthu atayamba kutunga madzi ndi kusesa, dera lonse limakhala chete kupatula atambala. Ola limodzi ndi theka lotere limakwana kuyankha mafunso angapo a Masamu utatseka buku, wotchi ili pambali monga m'chipinda cha mayeso. Koma nthawiyi ili ndi mtengo wake: uyenera kugona 9 koloko, ndiponso kusiya batire m'nyale. Amene amawerenga mpaka pakati pausiku n'kudzukanso 4 koloko amakasinza m'kalasi, ndipo zomwe anawerenga sizikhazikika. Anzanga ena ankaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asagone. Maso amatsegukadi, koma zoti mutu ukugwira kanthu ndimakayika.

Za malo sindinena zambiri, chifukwa munthu wowerenga amafuna pochepa: pokwana kope lotsegula ndi buku limodzi pambali. Katebulo kathu kamagwira ntchito zambiri, ndiye ndinapeza thabwa losalala lotsala kwa kalipentala, lomwe ndimalisanjika pa ndowa ziwiri zozondotsa n'kukhala pakampando, msana utatsamira khoma. Pabedi ndinkapewa, tulo timabwera msanga ndipo zolemba zimapindika. Mabuku, rula, kakyuleta ndi zolembera zimakhala m'katoni imodzi, yokutidwa ndi pulasitiki chifukwa cha kudontha ndi mphemvu. Usiku ndisanagone ndinkayala thabwalo, n'kutsegula tsamba loyambira, kuti m'mawa ndisafufuze mumdima n'kudzutsa nyumba yonse.

Chovuta kwenikweni chinali nyale, popeza inali imodzi ndipo madzulo aliyense amaifuna. Ndinakhala pansi ndi amayi n'kuwapempha kuti, "Amayi, madzulo muziigwiritsa ntchito inuyo pophika ndi podyera, koma tikangomaliza kudya tiziizimitsa kuti ine ndiipeze ndi moto m'mawa." Anavomera, koma anaonjezapo zawo: mbale ndizitsuka madzulo omwewo, ndipo m'mawa ndikamaliza kuwerenga ndiziyatsa mbaula panja n'kutereka madzi osamba a ana.