Membala kapena mlendo pa Trello, mmene tinapangira ku gulu lathu

Gulu lathu la kachewere kuno ku Bembeke timayendetsa ntchito pa Trello, pulogalamu ya pa intaneti yolembamo ntchito pa makadi m'mabodi, pulani yaulere, ndipo tilipo anthu 7 mu Workspace imodzi, malo a gulu momwe mabodi onse amakhala. Mbewu ili ndi bodi yake, feteleza yake, ngongole yake, maoda a ku Lizulu yakenso, choncho choncho mpaka tsiku lina ndikufuna kutsegula bodi ya kabichi zinakana. Pulani yaulere imalola mabodi 10 otsegula basi, ife tinali titakwanitsa kale.

Apa musathamangire kudilita ayi. Ndinalowa mu bodi ya sizoni yatha, pa menyu ndinadina Close board, malo anapezeka pompo. Bodi yotseka siwerengedwa pa 10 paja koma makadi onse amakhalabe, mutha kudzaitsegulanso bola malo alipo.

Pomwe ndinakhalira nthawi ndi pa anthu. Timafuna alangizi aziona bodi ya mbewu, komanso adalaivala a lole aziona ya maoda kuti adziwe matumba angati akunyamula tsiku liti. Ndikanawaitanira mu Workspace akanakhala mamembala, ndiye membala amaona bodi iliyonse yomwe yaikidwa kuti anthu a mu Workspace aziona, ya ngongole yomwe, ndipo ine sindingalole kuti munthu wakunja aziwerenga kuti uje ali ndi ngongole ya zingati, zimenezo zimapasula gulu. Ndiye ndinalowa mu bodi imeneyoyo nkudina Share nkulemba imelo yawo. Munthu wolowa choncho ndi mlendo, pa sikirini amalemba Guest, amaona bodi yomwe mwamuikayo basi, zina zonse kwa iye kulibe. Ya ngongoleyo ndinaisinthanso kukhala Private, kuti aziona okhawo omwe aikidwa pa bodiyo.

Koma mlendo naye amadya malo, paulere malire ndi anthu 10 kuphatikiza mamembala ndi alendo omwe. Ife 7 ndi awiriwa tinafika 9, kwatsala mmodzi.

Apampando anati bwanji tingolipira pulani ya Standard poti mabodi alibe malire, ndinawawerengera. Mtengo womwe ndinaona ndi $5 pamunthu pamwezi mukalipira chaka chonse, ndiye anthu 7 ndi $420 pachaka, ndipo salipira mmodzi ayi, aliyense wa mu Workspace amawerengedwa. Pa pulani yolipirayo mlendo wa bodi imodzi ndi waulere, koma mukangomuika pa bodi yachiwiri mu Workspace yomweyo amalipitsidwa ngati membala, alangizi aja kungowaonjezera pa ya feteleza bilu yafika $480. Ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza inu.

Tinagwirizana kukhalabe paulere. Bodi ya mbewu ndi ya feteleza ndinaziphatikiza kukhala imodzi yokhala ndi mizere iwiri, alangizi ali pomwepo, ndipo adalaivala ndidzawachotsa tikamaliza kukumba kuti malo awo alowe mlembi watsopano.