Mmene ndinakonzera maperesenti osanduka 8500% mu Excel

Fayilo ya CSV imene ndinalandira inali ndi maperesenti a ana okhoza mayeso m'makalasi angapo, koma manambala ake analibe chizindikiro: 72, 85, 64.5. Nditasankha kolamu yonse n'kudina batani la %, 85 uja anasanduka 8500%.

Excel sinalakwitse masamu. Kwa iyo 1 ndiye 100%, choncho 85% imasungidwa ngati 0.85. Batani la % silisintha nambala yosungidwayo. Limangoionetsa itachulukitsidwa ndi 100, n'kuika chizindikiro kumapeto. N'chifukwa chakenso fayilo ina imafika ndi 0.85 pamene inu mumayembekezera 85%. Pamenepo nambala ili bwino kale, ingodinani Ctrl+Shift+%.

Ndisanakonze chilichonse ndinabweza kolamu ku General kuti ndione chimene chasungidwadi. Ndinaona 85, ndiye panafunika kugawa ndi 100. Ndinalemba 100 mu selo yopanda kanthu, n'kuikopera, n'kusankha maselo a manambala okhaokha. Kenako Ctrl+Alt+V anatsegula Paste Special, momwe ndinachonga Values ndi Divide. Values ndi yofunika kuti maonekedwe a selo ya 100 ija asafufute a kolamu yanu. Maselo opanda kanthu ndinawasiya dala, chifukwa akagawidwa amatuluka 0, ndipo kalasi yosalemba mayeso imaoneka ngati yalephera yonse. Pamenepo 85 anakhala 0.85, batani la % n'kuonetsa 85%. Koma 64.5 anaoneka ngati 65%, mpaka nditadina Increase Decimal kamodzi.

Chimene chinandidyera nthawi ndi mizere ya m'munsi, yochokera ku fayilo ina, momwe munali kale 0.9 ndi 0.78. Imeneyo itagawidwa pamodzi ndi inzake ikanatuluka 0.9% ndi 0.78%. Anthu ambiri amathamangira fomula iyi:

```
=IF(C2>1,C2/100,C2)
```

Pa mayeso imathandiza ndithu, koma ine sindiikhulupirira kwenikweni. Selo ikakhala ndi 1, fomula imati ndi 100%, pamene mwina wolembayo ankatanthauza 1%. Pa chiwongoladzanja ndiye zoopsa: 0.5 wotanthauza theka la peresenti amasanduka 50%. Choncho ndinasanja kolamu kuyambira nambala yaing'ono, n'kuyang'ana ndi maso zonse za 1 kutsika pansi, ndikuziyerekeza ndi chiwerengero cha ana olemba ndi okhoza.

Potsimikizira, ndinachulukitsa ana 40 a kalasi ina ndi selo ya 85% ija. Panatuluka 34. Pakanatuluka 3400 ndikanadziwa kuti kugawa sikunachitike, ndipo 0.34 akanasonyeza kuti ndagawa kawiri.

Polemba pamanja masiku ano ndimaika chizindikiro ndekha, 85% kapena 0.5%. Kulemba 85 yekha mu selo ya peresenti kumapereka 85% pokhapokha Enable automatic percent entry itachongedwa mu File > Options > Advanced; ikakhala yosachongedwa, mupeza 8500%.