Masekondi 5 a mwini wake, masekondi 40 anga

Ndimakonza mafoni ku Limbe, ndipo mvula ikangoyamba ndimalandira mafoni onyowa, ambiri ali ndi fumbi la mpunga pobayira chaja. Ndiye nditaona kanema wa achemwali ena pa TikTok akulangiza kuti foni ikagwera m'madzi muyikwirire mu mpunga usiku wonse, mtima unandiyabwa. Ndinafuna kuwayankha ndi Stitch.

Stitch ndi njira imene TikTok inabweretsa mu 2020. Umadula kachidutswa ka kanema wa mnzako, kosapitirira masekondi 5, kenako wako amapitiriza pomwepo, ndipo dzina la mwini wake limaoneka lokha m'mawu a pansi. Imasiyana ndi Duet, imene nonse awiri mumaoneka limodzi mbali ndi mbali. Ndinadina kamuvi ka Share, ndikupeza Stitch ikuwala. Ikakhala yozimirira ndiye kuti mwini wake anatseka, ndipo pamenepo ndimangosiya. Kukopera kanemayo mwa njira ina n'kuba.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa podula. Ndinatenga masekondi oyambirira, pamene achemwaliwo ankapereka moni, ndipo woonera sakanadziwa chimene ndikuyankha. Ndinabwerera, n'kukokera kachingwe kodulira mpaka pamene akuti "ikani mu mpunga, mawa iyaka bwinobwino" dzanja lawo likukwirira foniyo. Chidutswacho chiyenera kukhala ndi mfundo yathunthu, yomveka kwa munthu amene sanaone kanema wonse, komanso osawadula pakamwa kuti aoneke ngati anena zimene sananene.

Kenako ndinajambula osalemba kanthu. Ndinapukusa mutu, ndinaseka, ndinati "abale, izi ndi zabodza". Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ataonera anandifunsa kuti, "Nanga bwana, munthu foni yake yagwa m'ndowa, mwamuuza achite chiyani?" Ndinalibe yankho. Ndinafufuta.

Madzulo ndinakhala pansi ndi kope la malisiti, ndikudzifunsa kuti ndili ndi chiyani pa tebulo langa chimene achemwaliwo alibe. Ndinali ndi foni yotsegula imene mkati mwake munali zobiriwira, ya munthu amene anayigoneka mu mpunga masiku awiri. Ndinalinso ndi kachizindikiro kamene anthu ambiri sakadziwa: m'mafoni ambiri, m'kati molowera simu muli kapepala koyera kamene kamafiira madzi akalowa. Zonse zimene ndinalemba zinazungulira zinthu ziwirizi:

"Iyi inagona mu mpunga masiku awiri. Taonani mkati. Mpunga suyamwa madzi amene ali pansi pa zipangizozi, ndipo madziwo akakumana ndi moto wa batire amadya mawaya. Achemwali anena zoona kuti foni iume, koma njira yake ndi iyi: zimitsani nthawi yomweyo, osabaya chaja, chotsani kava ndi kathireyi ka simu, muyipukute, muyisiye pamalo popita mphepo. Unikani molowera simu. Kapepala kakafiira, madzi alowa, pitani nayo ikatsegulidwe isanayatsidwe."

Mawu amenewa sakwana 70, koma nditawerenga ndi wotchi anatenga pafupifupi masekondi 40, poti mawu a Chichewa ndi aatali ndipo pena ndimaima kuti kamera ione. Moni ndinamuchotsa. Zinandiwawa, ife tinakula tikuuzidwa kuti suyamba nkhani usanapereke moni, koma chidutswa cha mnzako chikangotha woonera amakupatsa kamphindi kochepa, ndipo chala chake chili kale chire. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuoneka ndi zobiriwira zija, osati nkhope yanga.

Chiganizo chovomereza zimene achemwaliwo ananena molondola ndinachiika dala. Dzina lawo lili pansi pa kanema wanga, ndipo ukamunyoza munthu, oonera amathamangira kwake kukamutukwana. Iwo sanafune kupweteka wina, nkhani ya mpungayi tonse tinaimva. Ngakhale kampani ya Apple inachita kulemba patsamba lake lothandizira kuti anthu asaike iPhone mu mpunga chifukwa tizidutswa take tingaiwononge. Izi sindinaziike m'mawu olankhula, zinapita m'mawu a pansi.

Ndinajambula m'mawa oitanira maminibasi asanakweze mawu, nditakhala moyang'ana kukhomo kuti kuwala kugwe pa tebulo. Ndinabwereza kanayi, chifukwa kamera inkakana kuona bwino kapepala kaja mpaka nditaunika ndi tochi ya foni ina. Ndisanadine Post ndinayesa ziwiri. Ndinatseka mawu n'kuonera, kuti ndione ngati zithunzi ndi zolemba za pa sikirini zikuphunzitsa zokha, poti ambiri amaonera m'minibasi foni ili chete. Kenako ndinamuonetsa mnyamata uja mbali yanga yokha, popanda masekondi 5 aja. Anatenga foni yake, n'kutulutsa kathireyi ka simu ndi phini, n'kuyamba kusuzumira.