Makope, mabolopeni ndi chenje cha K400

Mnzathu wina wa m'gulu lathu lowerengera limodzi masamu anajambula funso m'buku n'kutitumizira pa foni. Nkhani yake inali iyi: mtsikana wina anagula makope 4 ndi mabolopeni 3 m'golosale, anapereka K5,000 ndipo anam'bwezera chenje cha K400. Mchimwene wake anagula makope 2 ndi mabolopeni 5 m'golosale yomweyo, nalipira K4,400. Funso linali lakuti munthu wogula makope 5 ndi bolopeni imodzi alipira zingati.

Mayankho anabwera msanga koma anali osiyanasiyana. Titayerekeza mapepala, tinapeza kuti aliyense amadziwa kuchulukitsa ndi kuchotsera bwinobwino. Kusiyana kunali m'mizere iwiri yoyambirira, pamene nkhani imasanduka maikweshoni.

Funso la pachithunzi ndimayamba ndalikopera lonse papepala ndi dzanja langa. Chithunzi chimadula m'mphepete mwa tsamba, mthunzi wa foni umaphimba nambala, ndipo ukachikulitsa kuti uone manambala, mawu ang'onoang'ono oyandikana nawo amatuluka kunja kwa sikirini. Diso limathamangira pa 4, 3 ndi 5,000, osaona mawu onena za chenje. Pokopera, liwu lililonse limadutsa m'manja mwako.

Kenako ndimalemba zimene zilembo zikuimira, m'chiganizo chathunthu. Ambiri timangolemba kuti x ndi makope, y ndi mabolopeni. Apa ndi pamene chisokonezo chimayambira, chifukwa sizikudziwika ngati x ndi chiwerengero cha makope kapena mtengo wake. Chiwerengero tikuchidziwa kale, nkhaniyo yatiuza: 4 ndi 2. Chimene chabisika ndi mtengo. Choncho x ndi mtengo wa kope limodzi m'makwacha, ndipo y ndi mtengo wa bolopeni imodzi m'makwacha. Ukalemba chotero, 4x imamveka yokha: ndi ndalama zolipirira makope anayi. Munthu amene analemba x + y = 7 chifukwa mtsikanayo anagula zinthu 7 angathe kudzigwira yekha pomwepo, popeza mitengo iwiri ukaiphatikiza imapereka makwacha, osati chiwerengero cha katundu.

Wogula aliyense amatipatsa ikweshoni imodzi. Kumanzere kumakhala katundu, kumanja kumakhala ndalama zimene zatsala kwa wogulitsa. Tangoimani pakauntala paja m'maganizo: mtsikanayo wapereka K5,000, wogulitsa watsegula kabati n'kumubwezera K400. Zotsala m'kabatimo ndi K4,600, ndipo umenewu ndiye mtengo wa katunduyo.

4x + 3y = 4600
2x + 5y = 4400

Ndisanapitirire, ndimawerenga mzere uliwonse ngati nkhani: makope anayi ndi mabolopeni atatu, K4,600, makope awiri ndi mabolopeni asanu, K4,400. Ngati zikufanana ndi zimene ndinakopera, ntchito yaikulu yatha.

Zotsalazo sizichedwa. Ikweshoni yachiwiri ndiichulukitsa ndi 2 kuti makope afanane ndi a mu yoyamba, ndipo ikhala 4x + 10y = 8800. Mbali zonse ziyenera kuchulukitsidwa, kuphatikizapo ndalama, chifukwa zili ngati mchimweneyo wagula katundu yemweyo kawiri. Tsopano ogula onse ali ndi makope anayi. Kusiyana kwawo ndi mabolopeni 7, ndipo kusiyana kwa ndalama ndi 8800 − 4600 = 4200. Ndiye 7y = 4200, y = 600. Ndikabwezera 600 mu ikweshoni yoyamba, 4x + 1800 = 4600, 4x = 2800, x = 700. Kope ndi K700, bolopeni ndi K600.

Funso silinathere pamenepa, ngakhale mzere wake womaliza unali m'munsi mwenimweni mwa chithunzi pamene pepala linapindika. Anafunsa mtengo wa makope 5 ndi bolopeni imodzi: 5 × 700 + 600 = 4100. Yankho ndi K4,100.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi pepala la amene anaika 5000 m'malo mwa 4600. Njira yake yonse inali yolondola, mzere ndi mzere. Anafika pa 7y = 3800, ndipo bolopeni inatuluka pafupifupi K542.86. Iye anati anatsimikizira yankho lake polibwezera m'maikweshoni ake, ndipo zinagwirizana. Zinayenera kugwirizana, chifukwa kubwezera yankho mu ikweshoni kumangoonetsa kuti waisova bwino ikweshoniyo. Sikukuuza ngati ikweshoniyo ikunena zimene nkhani ikunena. Kutsimikiza kwenikweni n'kubwerera ku nkhani: makope anayi a K700 ndi K2,800, mabolopeni atatu a K600 ndi K1,800, zonse pamodzi K4,600, ndipo pa K5,000 chenje ndi K400 ndithu. Mchimwene uja: K1,400 ndi K3,000, pamodzi K4,400.

Mtengo wokhala ndi matambala osatha ngati 542.857... ndi chenjezo. Sikuti nthawi zonse ndi umboni wakuti walakwa, koma olemba mafunso a mitengo kawirikawiri amasankha manambala ogawika bwino, ndiye ukapeza wotere, bwerera kumizere iwiri yoyambirira usanayambe kufufuza pochotsera. Mtengo wotsika kuposa ziro ndiye ulibe chikayiko, penapake palakwika.

Pali mtundu wina wa chiganizo umene umagwetsa anthu kuposa chenje. Funso lomweli likanatha kubwera popanda mchimwene, n'kungonena kuti kope ndi lodula kuposa bolopeni ndi K100. Dzanja limafuna kulemba motsatira mmene mawu akubwerera: kope poyamba, 100 pambuyo, n'kutuluka x + 100 = y. Koma mzere umenewu ukunena kuti bolopeni ndiyo yodula. Ine ndimayesa ndi nambala yongopeka: bolopeni ikanakhala K200, kope likanakhala K300, ndiye 100 ikuwonjezeredwa ku mtengo wa bolopeni. Cholondola ndi x = y + 100. Apa njira yofulumira ndi kulowetsa y + 100 pamalo pa x: 4(y + 100) + 3y = 4600, kenako 7y + 400 = 4600, ndipo y = 600 monga kale. Wotembenuza uja amafika pa 7x = 4300, nambala ina yosagawika ndi 7.

Kulemba maikweshoni poyamba kumaonetsanso ngati funsolo lingatheke n'komwe. Tiyerekeze kuti mchimweneyo anagula makope 8 ndi mabolopeni 6 pa K9,200. Zikuoneka ngati nkhani ziwiri, koma 8x + 6y = 9200 ndi ikweshoni yoyamba ija yochulukitsidwa ndi 2. Ukachotsera umatsala ndi 0 = 0. Kope la K700 ndi bolopeni ya K600 zikukwanira, komanso kope la K400 ndi bolopeni ya K1,000 zikukwanira, ndipo palibe chosankhira pakati pake. Zikatere pa funso la pachithunzi, ndimapempha wotumizayo kuti ajambulenso tsamba lonse, chifukwa mwina nambala ina sinaoneke bwino kapena chiganizo china chinadulidwa.

Mawu akuti "m'golosale yomweyo" nawonso ali ndi ntchito. Ndi amene akutilola kugwiritsa ntchito x ndi y omwewo m'mizere yonse iwiri. Mchimweneyo akanagula kwina, kapena akanam'tsitsirako mtengo, tikanakhala ndi mitengo yosadziwika yoposa iwiri, ndipo maikweshoni awiri sakanakwanira kuipeza.